Za Kuno ku Leeds: Mmene Ndimaitanira Mlendo pa Pulogalamu

Moni nonse, a kumudzi, a ku Joni, ndi anzanga tikuzizidwa limodzi kuno ku Mangalande. Lero mlendo ndilibe. Tinasemphana nthawi, ndipo wolakwa ndine.

Ndinapangana ndi bambo ena achikulire, telala wa ku Joni amene wakhalako zaka zambiri, kuti adzatisimbire za moyo wa kumeneko. Tinagwirizana Lolemba, 6 koloko madzulo nthawi ya kuno. Ndinawauza kuti kwawoko ikhala 7 koloko, poti ndi mmene zinalili tsiku limene tinkakambiranalo. Ndinaiwala kuti Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi kuno amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa Malichi, ku Malawi ndi ku Joni amakhala patsogolo ndi maola awiri. Bambo aja anatseka shopu msanga, n'kukhala pampando 7 koloko, ine ndikadali m'basi kuchokera kuntchito. Pomwe ndinkaimba n'kuti atatopa n'kudikira, apita kukadya. Manyazi ake!

Ndiye ndakonzanso uthenga umene ndimatumiza, ndipo ndikuwerengerani wa bambowa.

"Bambo, pepani kwambiri chifukwa cha Lolemba lija. Ndikupempha tijambule Loweruka likudzali, 4 koloko masana nthawi ya ku Joni, imene ndi 2 koloko kuno. Mundisungire ola lathunthu: mphindi 10 zoyesa mawu, 45 zocheza, zotsalazo zotumizirana zimene tajambula. Anthu adzamva pafupifupi mphindi 30, ndipo mudzayamba mwamva inuyo zisanatuluke."

Nthawi ya mlendo ndimayamba nayo dala, chifukwa ndi imene iye adzaone pa foni yake. Ola lathunthulo ndimalitchulanso dala. Munthu ukamuuza kuti "ticheza pang'ono" amaika mphika pamoto, ndipo nkhani ikafika pokoma mumamva akuti dikirani kaye ndikaphule.

Za zipangizo, poyamba ndinkajambula pa Zoom, koma yaulere imadula pakatha mphindi 40, komanso netiweki ikagwedezeka mawu amamveka ngati munthu akulankhulira m'chidebe. Panopa timaimbirana pa WhatsApp kuti tizingomvana, koma aliyense amadzijambula yekha kwawo. Mlendo amafunika mafoni awiri, ina yobwereka kwa mwana kapena mnansi. Yoimbirayo alumikize mahedifoni, kuti mawu anga asatulukire panja n'kulowa m'zojambula zake. Inayo aiike pa airplane mode, atsegule kojambulira mawu, aikhazike pa mulu wa mabuku motalikirana ndi pakamwa ngati chikhatho chotambasula. Isakhale m'manja, zala zimamveka kukwekwesa.

Chipinda chabwino ndi chogona, muli matiresi, makatani ndi zovala. Pabalaza pa matailosi mawu amabwerera. Bambowa ndawapempha akhale pakati pa nsalu zawo, makina osokera atazimitsa. Tikamayamba ndimawerenga mpaka katatu, tonse n'kuwomba m'manja kamodzi. Kuwombako kumaoneka ngati msonga ndikatsegula mafailo awiriwo mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu, ndiye ndimangoyanjanitsa misongayo. Potumiza, asankhe Document pa WhatsApp, failo ibwere mmene ilili. Mlendo akakhala ku Malawi ndimamutumiziratu ya bandulo pa Airtel Money kapena Mpamba dzulo lake, chifukwa si bwino munthu akupatse nkhani yake, aonongenso ndalama zake.

Povuta kulemba ndi pa zosintha tsiku, makamaka kwa munthu wamkulu. Kwathu kumuikira malamulo mkulu n'kupanda ulemu. Koma ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndandanda ya mashifiti imatuluka masabata awiri aliwonse, ndipo Loweruka lopuma ndimachita kusinthana ndi mnzanga. Likapita pachabe ndalipira kale ndi usiku wina. Ndiye ndinalemba chonchi:

"Zikakuvutani, mundiuze kutatsala masiku awiri, ndidzakupatsani masiku ena awiri musankhepo. Inenso ndikaitanidwa kuntchito ndidzachita chimodzimodzi. Maliro, matenda ndi kuzima kwa magetsi sitiwerengera, mungonditumizira uthenga ngakhale pa ola lomwelo. Tsikulo ndidzadikira mphindi 15. Tikasintha kawiri, tidzaiimike kaye nkhaniyi mpaka inuyo mudzandiuze kuti mwapeza mpata."

Chiganizo chomalizacho ndinachiika chifukwa ena sakana pamaso. Amavomera mwaulemu, kenako n'kumasuntha tsiku, mwina akuopa kuti nkhani ya mapepala awo imveka kumudzi. Pamenepo amapeza potulukira popanda wina kuchita manyazi.

Bambo aja ayankha m'mawa uno, ndi uthenga wa mawu. Akuti Loweruka lili bwino, foni yachiwiri abwereka kwa mdzukulu, koma ndiwaimbire 3 koloko nthawi yawo kuti atsimikize kuti wotchi yanga yachira.