Zonse pa foni zakula mopyola: bwezani kaye Display size

Moni nonse. Mayi anga maso awo ayamba kufooka, ndiye tsiku lina ndinawakulitsira zilembo pa foni yawo ya Android. Madzulo anandiimbira kuti akulephera kutumiza ndalama chifukwa batani lotsimikizira silikuoneka. Foni sinali yowonongeka ayi. Ndine ndinasuntha zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Lowani mu Settings, kenako Display. Pali timizere tiwiri tokoka ndi chala, ndipo ambiri timaganiza kuti ntchito yake ndi imodzi. Font size imakulitsa zilembo zokha basi. Display size, yomwe pa Samsung imalembedwa kuti Screen zoom, imakulitsa chilichonse: tizithunzi ta mapulogalamu, mabatani, mipata, ndi zilembo zomwezo. Ndiye mukakweza zonse ziwiri, zilembo zimakula kawiri konse. Kukula kwina kumasanjikizana pa kwina.

Sikirini yokha siikula. Zili ngati kuika mipando ikuluikulu m'chipinda chomwe chija, ina imangotsala panja. N'chifukwa chake mawu amadukira pakati ndipo batani lam'munsi limabisala.

Mudziwa bwanji chimene chalakwa? Yang'anani tizithunzi ta mapulogalamu. Ngati natonso tatupa, vuto ndi Display size. Ngati tili mmene tinalili koma mawu ndiwo akusefukira, ndi Font size.

Kukonza kwake, yambani ndi Display size. Kokerani kadontho kumanzere mpaka pamene kanali foni ili yatsopano. Pa mafoni ena pamenepa pamalembedwa Default. Dikirani pang'ono sikirini iphethire, kenako tsegulani pulogalamu yomwe imavuta ija muone ngati batani labwerera. Mukatero kwezani Font size sitepe imodzi yokha, muwerenge uthenga, muone ngati zakwana. Kwa mayi anga zinakwana pa sitepe yachiwiri, Display size osaikhudzanso. Ine ndimaona kuti kwa munthu wovutika kuwerenga njira yabwino ndi imeneyi, makamaka poti kuyambira Android 14 zilembo zimatha kukula mpaka 200 peresenti pazokha.

Nanga mwabweza zonse koma zikadali zazikulu? Ngati m'mphepete mwa sikirini mwazungulira mzere wamtundu wa lalanje ndipo mukuona mbali imodzi yokha ya chithunzi, imeneyo ndi Magnification. Imayaka mukagogoda sikirini katatu mofulumira, ngati njirayo inatsegulidwa. Gogodaninso katatu, kenako mukaizimitse mu Settings, pa Accessibility.

Koma ngati mwakula ndi mu WhatsApp mokha, musavutike ndi Settings ya foni. WhatsApp ili ndi Font size yakeyake: lowani mu Settings yake, kenako Chats, musankhe Medium.