Kujambula mvula ndi chitseko cha m'sewero pogwiritsa ntchito foni

Amfumu, makolo athu, ndi inu achinyamata a magulu a zisudzo, zikomo pobwera. Ambiri mwamva zimene zachitikira gulu lina la kuno mwezi wathawu. Anapanga sewero labwino la mkamwini wobwerera kwawo usiku mvula ikugwa, koma atapita nalo ku wailesi analibweza, chifukwa paliponse pamene chitseko chinamenyetsedwa mawu ankasweka ngati sipika yang'ambika, ndipo mvula yawo inkamveka ngati wailesi yosowa siteshoni. Pofuna kukonza msanga, anatenga maphokoso ndi kanyimbo pa intaneti n'kuika m'malo mwake, ndipo ataika sewerolo pa YouTube analandira uthenga wakuti mbali ina ya mawuwo ili ndi mwiniwake. Ntchito ya anthu imatetezedwa, ngakhale kuno kwathu kuli lamulo la 2016 loteteza zopangapanga ndiponso bungwe la COSOMA. Choncho lero tiphunzira kujambula tokha maphokoso awiri omwewo, chitseko ndi mvula, ndi foni yomwe ili m'thumba mwanuyo.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili, ndipo ndilibwereza mpaka mutope nalo: mawu akasweka pojambula sakonzeka pa kompyuta. Foni ili ndi malire a kukula kwa phokoso limene ingasunge, ndipo malirewo amalembedwa 0 dB pa mita yoonetsa kukula kwa mawu; dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso. Phokoso likapyola pamenepo, nsonga za mafunde ake zimadulidwa n'kutayika, moti mukazatsitsa mawuwo pambuyo pake amangotsika ali osweka chomwecho. Zili ngati nsima yopserera, imene fungo lake silichoka ngakhale muiike m'mbale yatsopano. Pojambula muziyang'ana mita, ndipo phokoso lalikulu kwambiri lizithera pakati pa -12 ndi -6, osafika pofiira.

Tiyambe ndi foniyo. Pezani pulogalamu yaulere yojambulira mawu imene imaonetsa mita ndiponso imalola kusunga fayilo ngati WAV, popeza WAV imasunga mawu onse osawafinya. Sankhani 48000 Hz ngati maphokosowo akupita mu vidiyo, ndipo mphindi imodzi ya mawu a mbali imodzi idzadya malo osakwana mamegabaiti 6, choncho musaope kuti foni idzadza. Ngati pulogalamuyo ili ndi pozimitsira zochepetsa phokoso ndi zokweza mawu zokha, zimitsani zonse ziwiri. Foni inapangidwira kulankhulana, motero ikamva mvula imaganiza kuti ndi chisokonezo ndipo imayamba kuimeza kuti ipulumutse mawu a munthu amene palibe. Ikani foni pa Airplane mode kuti wina asakuimbireni muli pakati, ndipo fufuzani pamene pali kabowo ka maikolofoni, kawirikawiri kunsi pafupi ndi potchajira. Ndaona achinyamata ambiri akulozetsa kamera ku chitseko, chala chili chotseka kabowoko. Ana anga, chimene chimamva si kamera ayi.

Tsopano chitseko. Sankhani nthawi imene chigayo chazima, mbuzi zalowa m'khola ndipo njinga zamoto zachepa pamsewu. Foni musaigwire m'manja, chifukwa kukhuzika kwa zala kumalowa; igonekeni pa chitenje chopinda pamwamba pa mpando, pamtunda wa mita imodzi kuchokera pachitseko. Yambani kujambula, tchulani kuti ichi ndi chitseko cha matabwa chotsekedwa mwaukali, kenako khalani chete masekondi khumi osasuntha ngakhale phazi. Masekondi amenewo ndi ofunika, ndipo muona ntchito yake posachedwa. Mukatero menyetsani chitseko, dikirani kuti kulira kwake kuthere, n'kubwerezanso kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mosiyanitsa mphamvu. Mita ikafika pofiira, musachepetse ukali wa chitsekocho, chifukwa chitseko chotsekedwa mwaulemu sichimveka ngati cha munthu wokwiya, sunthani foni. Mukachulukitsa mtunda kawiri, phokoso limatsika ndi pafupifupi 6 dB, motero kuchoka pa mita imodzi kupita pa mamita awiri nthawi zambiri kumakwanira. Kulira kwa mahinjesi kujambuleni pakokha, foni ili pafupi ngati masentimita 20, chifukwa n'kwapansi kwambiri poyerekeza ndi kumenyetsa. Gulu lija linajambula zonse ziwiri foni ili malo amodzi, pafupi, ndipo n'chifukwa chake chitseko chawo chinasweka. Ndikubwereza: mawu akasweka pojambula sakonzeka.

Mvula ndiyo imanyenga anthu ambiri. Mukaima m'nyumba ya malata mvula yamphamvu ikugwa n'kukweza foni kudenga, madontho masauzande amasakanikirana n'kukhala phokoso limodzi la shiii, ndipo womvera pa wailesi sangadziwe kuti ndi mvula. Khutu limazindikira mvula ndi madontho amene likutha kuwasiyanitsa. Choncho jambulani zigawo ziwiri. Choyamba ndi mvula yapatali, foni ili pakhonde kapena pazenera, yotetezedwa kuti isanyowe, kwa mphindi ziwiri zathunthu. Chachiwiri ndi madontho apafupi, monga madzi odontha kuchokera pamalata kugwera m'beseni kapena pamasamba a nthochi, ndipo amenewa mukhoza kuwapanga ngakhale mu Okutobala pothira madzi pang'onopang'ono kudzera m'chitini chobowola. Luso lopanga maphokoso ndi zinthu wamba motere ndi lakale, ndipo a mafilimu amalitchula ndi dzina la Jack Foley, yemwe ankagwira ntchitoyi ku Universal ku America. Kukakhala mphepo, valikani foni sokosi yaubweya kumene kuli maikolofoni, chifukwa mphepo ikaomba pakabowo paja imabangula n'kufikitsa mita pofiira.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Lankhulani bambo.

"Zikomo aphunzitsi. Ife gulu lathu lilibe kompyuta, timadalira ya mwana wa mlongo wanga ku boma. Kodi sitingamangojambula pa WhatsApp n'kumutumizira kuti akonze?"

Mwafunsa bwino bambo, ndipo funso lanu ndi la magulu ambiri muno. Kutumiza kulibe vuto, vuto lili pa njira yotumizira. Mukadina kachizindikiro ka maikolofoni ka pa WhatsApp kaja, mawu amafinyidwa kwambiri kuti asadye bandulo, ndipo kafinyidwe kake kanakonzedwa poganizira munthu wolankhula. Uthenga wa maliro kapena wa msonkhano umamveka bwino ndithu, koma mvula imatuluka ikuchita ngati ikubwata pansi pa madzi, ndipo kamchira ka kulira kwa chitseko kamadukaduka. Zimene zatayika pofinya mwana wa mlongo wanuyo sangazibweze, ngakhale akhale katswiri. Chimene muchite n'chakuti mujambule ndi pulogalamu ija ya WAV, kenako pa WhatsApp mudine potumizira zinthu n'kusankha Document, chifukwa fayilo yotumizidwa motero imafika momwe ilili. Ngati bandulo ndi yovuta, ikani mafayilo pa memoli khadi n'kupatsira munthu wopita ku boma. Koma chonde, patsani fayilo iliyonse dzina lomveka musanatumize, monga chitseko chaukali kapena mvula ya pakhonde, chifukwa kumutumizira mwanayo mafayilo makumi awiri okhala ndi manambala okhaokha n'kumuzunza. Ndiponso muzimvetsera ndi mahedifoni pomwepo musanachoke pamalo ojambulira, pakuti kasipika ka foni kamabisa zolakwika zambiri. Mukamva kusweka jambulaninso nthawi yomweyo, chifukwa iyeyo ku bomako sangakonze mawu osweka.

Tikafika pa kompyuta, pulogalamu yake ndi Audacity. Ndi yaulere, inatuluka koyamba m'chaka cha 2000, ndipo ikalowa m'kompyuta sifunanso intaneti kuti igwire ntchito. Tsegulani fayilo ya chitseko ndipo muona mafunde a mawu atajambulidwa. Ngati nsonga zake zili zosongoka, mwajambula bwino, koma ngati zili zophwatalala ngati zadulidwa ndi mpeni pamwamba ndi pansi, kumeneko ndiko kusweka, ndipo musataye nthawi, sankhani kumenyetsa kwina mwa kasanu kaja.

Apa ndi pamene masekondi khumi achete aja akugwira ntchito. Asankheni ndi mbewa, tsegulani Noise Reduction pansi pa Effect, n'kudina Get Noise Profile. Potero mwaiuza pulogalamu kuti phokoso la chipinda ndi la foni yeniyeniyo ndi ili. Kenako sankhani fayilo yonse, tsegulaninso Noise Reduction, ikani kuchepetsa kwa pakati pa 6 ndi 12 dB, n'kumvetsera ndi Preview musanavomereze. Mukapyola muyezo mudzamva chitseko chikulira ngati chili m'chitini, ndi timaphokoso tonga malikhweru kumapeto kwake. Mukamva zimenezo bwererani ndi Ctrl+Z n'kuchepetsa nambala. Pa fayilo ya mvula yapatali musagwiritse ntchito Noise Reduction m'pang'ono pomwe, chifukwa kwa pulogalamuyi mvula ndi phokoso lofunika kuchotsa, ndipo idzakudyerani mvula yanuyo.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, choncho zotsalazi ndizinena mwachangu. Pa mvula ndi madontho ikani High-Pass Filter pa 100 Hz kuti muchotse kubangula kwa mphepo ndi kwa galimoto zapatali, koma pa chitseko musapyole 60, chifukwa kulemera kwake kuli m'mawu apansiwo. Dulani zosafunika kutsogolo ndi kumbuyo, koma siyani kamchira ka chitseko kathere kokha, n'kuikapo Fade Out yaifupi kuti pasamveke kuti thwa podukira. Lowetsani mafayilo onse mu ntchito imodzi, iliyonse pamzere wake: mvula yapatali pansi ndi motsika, madontho pamwamba pake, mahinjesi, kenako kumenyetsa. Chitseko chikangotsekedwa tsitsani mvula ndi 6 dB kapena kuposerapo, ndipo womvera adzadziwa yekha kuti mkamwini uja walowa m'nyumba popanda wina kumuuza. Mizere ikaphatikizana mphamvu yake imawonjezekana, motero yang'ananinso mita, pakuti kusweka kumene munakupewa pojambula kukhoza kubwera pano. Sakanizani zonse, ikani Normalize pa -1 dB kuti phokoso lalikulu kwambiri lithere pamenepo, tulutsani ngati WAV, ndipo mafayilo oyambirira muwasunge osawakhudza, chifukwa ndiwo umboni wakuti maphokosowo ndi anu. Loweruka likudzali gulu lililonse libwere ndi chitseko chimodzi ndi madontho amodzi pa memoli khadi, ndipo amene ali ndi mahedifoni asawaiwale, tidzamvetsera limodzi muno m'holo.