Kuwerenga modutsa pa ziro: nkhongole ya pakantemba ndi kuzizira kwa mufiriji

Moni nonse omvera kuno ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi kwina konse kumene mawu athu akufika. Tengani pepala ndi cholembera, ndipo mujambule mzere woimirira, wochokera pamwamba kutsika pansi. Pakati pake lembani 0. Pamwamba pa ziro lembani 1, 2, 3 mpaka 10 mokwera, ndipo pansi pake lembaninso 1, 2, 3 mpaka 10 motsika, koma nambala iliyonse yam'munsiyi muiikire kamzere kogona kutsogolo kwake, kamene kusukulu timakatchula kuti mainasi. Motero pansi pa ziro pali -1, kenaka -2, kenaka -3, ndipo manambalawa amapitirira osatha.

Tiyambe ndi ndalama. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi K30 pansonga ya chitenje, ndipo watenga shuga ndi sopo za K50 pakantemba ka munthu amene amadziwana naye. Wapereka K30 yonse, ndiye kuti wafika pa ziro, koma katunduyo sanathe kulipiridwa, choncho mwini kantemba walemba m'kabuku kake kuti mayiyo watsala ndi K20. Pamasamu timalemba kuti 30 - 50 = -20. Mainasiyo akutiuza kuti ndalama imeneyi si ya mayiyo, koma ndi nkhongole imene ikumudikira.

Mawa lake mayiyo wagulitsa tomato pamsika ndipo wapeza K35. Musathamangire kuphatikiza 20 ndi 35 n'kunena kuti ali ndi K55, chifukwa kutero n'kuwerenga nkhongole ngati chuma. Chitani zinthu ziwiri motsatizana. Choyamba, dzifunseni kuti pakufunika zingati kuti afike pa ziro, ndipo yankho ndi K20 yobweza kukantemba. Chachiwiri, onani zimene zatsala pa K35 ija mutachotsapo K20, zomwe ndi K15. Choncho -20 + 35 = 15. Njira yake ndi imeneyi nthawi zonse pamene mukudutsa pa ziro: fikani kaye pa ziro, mupumirepo, kenaka mupitirize ndi zotsalazo.

Tsopano bwererani ku mzere mwajambula uja, ndipo muutenge ngati chipangizo choyezera kutentha. Madzi amaundana pa madigiri 0 Seshasi. Kwathu kuno, ngakhale mu Juni ndi Julayi pamene timaothera moto m'mamawa, si kawirikawiri kuzizira kufika pamenepo, koma m'maiko a chipale chofewa, monga Russia ndi Canada, zimachitika chaka chilichonse. Tinene kuti madzulo kunali madigiri 4, ndipo usiku kwazizira ndi madigiri ena 7. Ikani chala pa 4, ndipo mutsike mukuwerenga mokweza: 3, 2, 1, 0, apo mwayenda masitepe anayi, -1, -2, -3, apo akwana 7. Chala chaima pa -3.

Apa ndi pamene ana ambiri amaphonya, ndipo ndikupempha makolo ndi aphunzitsi kuti muziyang'ana chala cha mwana, osati yankho lokha. Wina amayamba kuwerenga pa 4 pomwe waimapo ngati sitepe yoyamba, ndipo amathera pa -2. Wina amalumpha ziro poganiza kuti si nambala, kuchoka pa 1 n'kugwera pa -1, ndipo amathera pa -4. Mukaona yankho laphonya ndi imodzi yokha, dziwani kuti vuto ndi limodzi mwa awiriwa. Timawerenga masitepe amene tayenda, ndipo ziro ndi malo opondapo mofanana ndi ena onse.

Palinso funso limene limasokoneza ngakhale akuluakulu, lakuti pakati pa -8 ndi -3 yaikulu ndi iti. Maso amathamangira pa 8, koma funsani aliyense amene analembedwapo m'kabuku ka pakantemba ngati angasankhe nkhongole ya K8 m'malo mwa ya K3. Pamzere wathu -3 ili pamwamba pa -8, choncho ndiyo yaikulu, ndipo pa -8 ndi pamene pakuzizira kwambiri.

Nayi ntchito yoti muchite tisanakumanenso. Mbali ya firiji youmitsa nyama kawirikawiri imasungidwa pa madigiri -18. Mwatulutsamo nkhuku n'kuiika patebulo m'nyumba mmene muli madigiri 25, ndipo funso n'lakuti kutentha kwa malo awiriwa kukusiyana ndi madigiri angati. Mukapeza 7, ndiye kuti mwachotsa 18 pa 25 osadutsa pa ziro, ndipo mubwerere ku mzere wanu. Yambirani pa -18, muwerenge masitepe okafika pa ziro, muwalembe pambali, kenaka muwonjezere ochokera pa ziro kukafika pa 25.