Kudaya madiredi osawamasula komanso osasiya dayi m'kati

Taonani diredi limene ndagwirali. Ndalinyowetsa ndi madzi oyera, koma ndikalifinyira pa thawulo loyera, pakutsala banga lakuda. Mwini wake anadaya tsitsi masiku atatu apitawo, ndipo dayi adakali m'kati, chifukwa diredi limamwa madzi ngati siponji koma silitulutsa msanga zimene lamwa. Dayi wotsalayo amaumitsa tsitsi, amadetsa pilo, ndipo amayabwitsa m'mutu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha madiredi ofika m'mapewa, onenepa ngati pensulo, amene atha zaka ziwiri. Msinkhu umenewu ndi wabwino, pakuti tsitsi lagwirana kale. Amene angopotedwa miyezi itatu yapitayo, ine sindiwadaya, popeza madzi ochuluka amene ntchitoyi imafuna amawamasula.

Kutatsala maola 48, pakani dayi pang'ono kuseri kwa khutu, ndipo pakatupa kapena kuyabwa, musapitirire. Kutatsala tsiku limodzi, sambitsani madiredi ndi shampu kuti phula ndi mafuta zichoke, chifukwa pamene pali phula dayi sagwira, ndipo mtundu umatuluka wamawangamawanga.

Popaka, valani magolovesi, tengani diredi limodzilimodzi, ndipo mupake dayi pamwamba potsetsereka kuchokera kutsinde kupita kunsonga, mukumadina pang'ono ndi zala. Ambiri amalakwa pofinyira dayi mpaka pakati pa diredi, pamene anthu amaona kunja kokha, ndipo zimene mwakankhira m'katimo ndi zimene zidzakuvuteni kutulutsa. Kutsinde musatikite kapena kupotokola, chifukwa tsitsi latsopano silinagwirane. Mphindi zimene zalembedwa pa paketi zikakwana, musawonjezere.

Ntchito yeniyeni ili pa kutsukuluza, ndipo pamenepa ndimapempha kuti musathamange. Thirani madzi ofunda kuchokera pamwamba, finyani diredi lililonse m'dzanja, lisiyeni limwe madzi ena, kenako mulifinyenso. Madzi oyenderera pamwamba amayera msanga ndipo amanamiza. Oyenera kuwayang'ana ndi amene akutuluka mukafinya, makamaka m'madiredi onenepa a kunkhongo. Amenewo akayera, sambitsani ndi shampu kawiri, mukufinya thovu m'malo mopukusa. Kondishina wolemera amene amabwera m'paketi musamupake, chifukwa anapangidwa kuti tsitsi literere ndi kumasuka, ndipo m'diredi amakanirira n'kusiya zoyera zonga ufa.

Mukatha, finyani ndi thawulo loyera, ndipo likadetsedwa kwambiri, bwererani ku madzi. Umitsani mpaka pakati penipeni, pa dzuwa kapena pa makina oumitsira tsitsi, chifukwa diredi logona ndi chinyezi limachita chuku ndi kununkha ngati chovala chosauma bwino. N'chifukwa chake ndimadaya m'mawa. Kupotanso kutsinde kudikire masiku angapo, khungu la m'mutu litasiya kuwawa.