"Zatsala ziwiri chabe", kuseri kuli katoni yodzaza

Zikomo amayi apampando, amayi ndi abambo nonse. Ine lero ndikamba za mawu aja timakonda kulemba pa WhatsApp, oti "zatsala ziwiri chabe fulumirani". Ogula a mu Lusaka muno anawazolowera moti akawaona amangopitirira, akudziwa kuti sabata yamawa ziwiri zomwezo zidzakhala zilipobe, ndiye tsiku limene zatsaladi ziwiri palibe akukukhulupirirani.

Tiyerekeze mwaoda zitenje 30 za mayadi 6, zabuluu, zochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde. Mwagulitsa 21. Zatsala zingati? Eya, amayi kumbuyoko akuti 9, koma dikirani kaye. Mwa 9 zimenezo, 3 anthu analipira kale dipoziti akudikira kumwezi, chimodzi chinathimbirira ndi oyilo m'basi. Zomwe munthu angabwere lero kulipira nkunyamula ndi 5, ndipo nambala yolemba ndi yomweyo. Mukalemba 9 mudzagulitsa chitenje cha mwini wake, mukalemba 2 mwanama. Chothimbirira chija chijambuleni pachokha, banga lionekere, mtengo wakenso wotsika.

Nambala isayende yokha, iyende ndi tsiku. Mulembe kuti "Chitenje chabuluu, mayadi 6, K250, zatsala 5 lero Lachiwiri m'mawa." Sitetasi imafufutika yokha pakatha maola 24 koma uthenga wa m'gulupu umakhalabe, wina auona Lachisanu nkukwera basi kuchokera ku Chawama mpaka ku Kamwala, apeza zatha, kwa iye ndinu abodza ngakhale munanena zoona pa Lachiwiri. Zikatha bwererani pa uthenga womwewo mulembe kuti zatha. Ngati mumagulitsa awiri, wina pa tebulo wina pa foni, kope la sitoko likhale limodzi.

Tsopano funso limene kasitomala amafuna kudziwa kwenikweni ndi loti zikatha zibweranso kodi? Apa mpamene ambiri timazembera. Nsapato ya salaula yotuluka m'belo ku msika wa Soweto, saizi 39, peyala imodzi, mukanena kuti ndi yokhayi mukunena zoona, nenani mokweza ndithu. Koma chitenje chomwe mukudziwa kuti munaoda kale china, kulemba kuti "zomaliza" nkumukakamiza munthu kutenga kaloba chifukwa cha chinthu chomwe akanagula bwinobwino kumwezi. Lembani kuti "zatsala 5, zina ndaoda". Ngati simukudziwa, poti mapatani a zitenje amasintha ndipo wokuodetsani mwina alibenso, nenani zomwezo: "sindikulonjeza kuti patani iyi ibweranso". Mudzaona kuti mawu amenewa amafulumizitsa munthu kuposa bodza lija. Komanso dziwani kuti lamulo loteteza ogula la 2010 limaletsa kusocheretsa wogula pa malonda, ndipo munthu atha kukadandaula ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula.

Pa kulengeza katundu watsopano, osalemba "zafika" katundu ali m'njira. Wokutumizirani akati Lachitatu, limenelo ndi tsiku lake iyeyo, inu simunaone kalikonse, pa boda pamachedwa, basi imafa panjira. Nthawi imeneyo mawu ake ndi oti "ndaoda, zili m'njira, ndikuyembekeza sabata yamawa, zikafika ndikuuzani". Likadutsa tsikulo musakhale duu, lembani kuti zachedwa.

Zikafika ku siteshoni ya mabasi ya Intercity mutsegule kaye, muwerenge, muike chatsopano pambali pa chakale padzuwa. Kawirikawiri patani imakhala yomweyo koma buluu wake wasiyana pang'ono, ndiye amayi a kwaya kapena a chilanga mulilo amene anagula 10 ulendo watha akufuna 4 zowonjezera kuti afanane, mukawatumizira chithunzi chakale mwawapweteka. Jambulani chatsopano. Tinene kuti mwalandira 24 m'malo mwa 30 ndipo mtengo wakwera. Yambani ndi anthu amene munawalemba m'kope kuti akudikira, tinene alipo 7 ofuna chimodzichimodzi, aliyense uthenga wake: "Amayi, chabuluu chija chafika, buluu wake ndi woderako, mtengo tsopano K270, ndikusungirani mpaka mawa 18 koloko." Kugulupu mulengeze 17 zokha, ndipo mawa ikakwana 18 koloko, zomwe sanatenge muwonjezere pa nambalayo.

Abambo apa afunsa za amene analipira dipoziti pa mtengo wakale. Ameneyo munapangana K250, alipire K250, K20 ija ndi yanu kuluza. Ndipo akaona buluu watsopanoyo nkukana, mubwezereni dipoziti yonse chifukwa chimene analipirira sichinabwere. Nchifukwa chake ine sindilandira dipoziti pa patani imene wondiodetsa sananditumizire chithunzi chake cha tsiku lomwelo.