Malata achita dzimbiri: tipente kapena tichotse denga lonse?

Muli bwanji nonse. Lero tili pa denga la nyumba ina, malata 24 a geji 30, ndipo eni ake amati tichotse onse chifukwa ku chipinda chogona kukudontha. Ndawauza kuti dikirani kaye bwana, kufiira kwa lata sikutanthauza kuti latha.

Poyamba lowani m'nyumba masana dzuwa lili paliwombo, mutseke zitseko muyang'ane kumwamba. Paliponse pakuoneka kakuwala ngati nyenyezi ndi pobooka. Kenako kwerani, koma pondani pamzere wa misomali basi chifukwa pansi pake ndi pomwe pali thabwa, mukaponda pakati mubonyola lata kapena mupezeka pabalaza.

Onani apa, ndikukwecha ndi bulashi ya waya. Dzimbiri likuchoka ngati fumbi ndipo pansi pake chitsulo chidakali cholimba, ili ndi lopenta. Koma bwerani kuno polumikizana malata. Ndangodina ndi sikuludiraiva yalowa ngati mu bisiketi. Limeneli ladyeka kuchokera pansi, madzi amakhazikika pakati pa malata awiriwa osauma, ndiye ngakhale mutapaka penti wodula bwanji mvula ya Januwale ikuyalutsani.

Pa 24 paja, owola tapeza 3 okha, ena 5 akudontha pamisomali poti mawasha anatha kalekale. Ndiye atatuwo tisintha, misomali yogwedera tizula n'kuika ina ya mawasha atsopano, timabowo ting'onoting'ono timata. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaonongera ndalama. Silikoni ija yonunkha ngati vinega musaiyerekeze pa malata, asidi wake amadya zinki ndiye dzimbiri limabwerera pomwepo. Funsani yolembedwa "neutral cure", kapena tengani kansalu komatira denga kaja mukapake penti wake pansi ndi pamwamba. Sopo ndi phula losungunula pamoto zija, eeh, dzuwa la Okutobala likangowomba zimang'aluka.

Mukakwecha tsukani, liume gwa, pomwe panali dzimbiri pakani redi okisaidi, penti woyambira woteteza chitsulo ku dzimbiri, akauma mupake penti wa denga kawiri. Pentani m'mawa mame atauma, masana lata likamatentha penti amauma pamwamba pokha kenako n'kumasupuka.

Nanga kuchotsa denga lonse ndi liti? Ineyo ndikaona kuti sikuludiraiva ikulowa pafupifupi lata lililonse lachitatu, kapena matabwa adyeka ndi chiswe moti msomali sukugwiranso, sindimatanso ayi, ndi kutaya ndalama kumeneko ndipo mphepo ya mvula yoyamba itha kulisasula. Mukamagula atsopano kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limakhala lopyapyala, 32 ndi wopepera kuposa 28. Ndipo ngati mukusintha ochepa ngati ife pano, dulani kachidutswa ka lakale mupite nako ku shopu, mizere ikasiyana sagwirana.

Tiyeni tizule loyambali.