Chitsa chomwe tinachisiya pakati pa munda

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu lero ndi a pa Ahebri 12:15, aja onena za muzu wa kuwawa. Ndikupempheni musanatuluke m'nyumba: ngati muli ndi m'bale amene simulankhulana naye, musadikire kuti akukumanitseni maliro.

Ndakhala chete masiku angapo chifukwa ndinali kumudzi kokaika malume anga. Uthenga unandipeza Lachiwiri masana ndili kuntchito. Ndinapempha masiku atatu, ndinatumiza ndalama ya bokosi pa foni, madzulo ake n'kukwera minibasi mu depoti ya Lilongwe, kudutsa pa Nathenje ndi pa Kamphata, kukatsika pa Chimbiya kutada. Kuchoka apo wa kabaza ananditenga mpaka tinapeza masamba atayalidwa mumsewu. Iye anatsika panjinga, inenso ndinatsika, tinayenda pansi.

Pa ulendo wonsewo sindinalire. Ndinkangowerenga zaka. Zakwana 11 kuchokera pomwe mayi anga anatisiya, ndipo chaka chomwecho malume anagulitsa dimba lawo la kudambo osatifunsa ife ana. Dimba lija linali la mbumba, ndimo munkachokera tomato ndi mpiru zomwe zinandilipirira sukulu. Malume monga mwini mbumba anali woyang'anira chabe. Tinayankhulana mawu oipa pakhonde pawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinapondenso pakhomopo. Akadwala ndinkatumiza ndalama ya mankhwala, pa Khirisimasi shuga ndi sopo, n'kumadziuza kuti ndinawakhululukira kalekale.

Amene munalimako mukuchidziwa chitsa. Mtengo umadulidwa, nthambi zimapita ku nkhuni, munda umaoneka woyera, koma chitsa chimatsala. Kuchizula ndi ntchito, ndiye timangochilambalala. Mzere ukafika pamenepo umakhota. Chaka chamawa ukhotanso pomwepo, mpaka ana obadwa pambuyo amayesa kuti mzerewo unapangidwa wokhota. Mvula yoyamba ikagwa, chitsa chija chimaphuka. Timasadza mphukirazo ndi chikwanje n'kumati tathana nacho, pomwe mizu ikumwabe madzi pansi. Shuga ndi sopo wanga uja kunali kusadza mphukira.

Pasiwa ndinapeza amayi a Chigwirizano akuimba m'nyumba, abambo atazungulira moto panja. Msuweni wanga, mwana woyamba wa malume, anali pomwepo. Chisuweni mumachidziwa, anthu amanyogodolana ngakhale pa zovuta, ndipo ife tinakulira limodzi kubusa mbuzi. Koma iye anaimirira, anandipatsa dzanja ngati mlendo wa ku boma.

"Mwafika asuweni. Bokosi lanu lafika kale masana. Zikomo."

Mawu akuti "lanu" aja anandilasa. Ndinakhala pa njerwa usiku wonse, utsi ukundilowa m'maso, anthu n'kumayesa ndikulira malume. Chapakati pa usiku iye anasendera pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Miyezi inayi agona pamphasa. Galimoto ikamveka kumsewu ankafunsa ngati ndinu." Sanawonjezere kanthu, anangokankhira chikuni pamoto.

Abale, ndalama ya pa foni imafika msanga, koma siikhala pambali pa mphasa. Ambiri a ife a m'tauni tazolowera kulipira kuti tisaonane ndi anthu amene tinayambana nawo. Sindikunyoza kutumiza, tumizani ndithu, kumudzi zinthu zavuta. Koma dzifunseni ngati mukuthandiza kapena mukulambalala chitsa.

M'mamawa amfumu analoza malo, adzukulu anakumba, chipepeso chinawerengedwa dzina ndi dzina. Langa litatchulidwa pamodzi ndi bokosi, anthu anang'ung'udza moyamikira, ine manyazi anandigwira. Kumanda, dothi loyamba litagunda bokosi, m'pamene misozi inabwera. Ndinakumbukira kuti munthu ameneyu ndi amene anandinyamula pa njinga kukandisiya ku sekondale tsiku loyamba, sutikesi atamanga ndi linya kumbuyo. Zaka 11 ndinkakumbukira dimba lokha.

Mayeso enieni anadza m'mawa mwake posesa. Abale a mbali yathu anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anati malata a nyumba ya malume, njinga ndi mbuzi zisanu zibwerere ku mbumba, chifukwa zinagulidwa ndi ndalama ya dimba la mayi anga. "Ndinu wamkulu tsopano, mbumba yatsala m'manja mwanu. Lankhulani." Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, mtima wanga unakondwa kaye. Mwina malatawo anachokeradi mu dimba lija. Chitsa chinaphuka pompo, masamba obiriwira bwino, chikuoneka ngati chilungamo.

Kenaka ndinaona akazi a malume atakhala pakhonde, chitenje kumutu, akutiyang'ana. Ankadziwa zomwe tikukambirana. Iwo sanagulitse dimba la munthu. Ndipo nonse mukudziwa kuti kuyambira 2011 lamulo la chuma cha masiye limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kuwalanda katundu ndi mlandu. Koma lamulo si limene linandigwira pakamwa. Ndinaona kuti ndikasasula denga limenelo, msuweni wanga adzawerenganso zaka zake 11, ana ake ndi anga adzapeza mzere wokhota osadziwa chomwe unakhotera. Lemba lija limati muzuwo ukaphuka umadetsa ambiri. Suthera pa iwe wekha.

Pabwalo ndinanena mawu ochepa, mawondo akunjenjemera. Ndinati katundu ndi wa mayi ndi ana awo, nkhani ya dimba ine ndaisiya. Ena a kwathu anadzuka n'kuchoka. Mchemwali wanga mpaka lero sakuyankha foni yanga, ndipo ndikumumvetsa, chifukwa dimbalo likanakhala lake ndi ana ake aakazi. Ine ndili ndi malipiro a pamwezi, iye amadalira khasu. Pamenepa ndinalakwa, ndinayenera kuyamba ndakhala naye pansi ndisanalankhule pagulu. Mundipempherere pa zimenezi.

Musaganize kuti chitsa chinazuka tsiku limenelo. Wozula chitsa amakumba mozungulira, amadula muzu umodziumodzi ndi nkhwangwa, amachigwedeza, amapeza kuti pansi pali muzu wina wolunjika womwe sunaoneke. Nthawi zina amaunjikapo mapesi n'kutentha, moto n'kumanyeka masiku. Ine ndangodula muzu umodzi. Amene ndinkayenera kukumba naye limodzi tamuika m'manda Lachitatu. Isake ndi Ismayeli anakumana poika Abrahamu, Esau ndi Yakobo poika Isake, koma Esau ndi Yakobo anali atakumbatirana kale panjira bambo awo akali moyo. Mwayi umenewo ine ndinautaya.

Inu muli nawobe. Malume anu, azakhali anu, mlamu wanu uja, akupuma m'mawa uno. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma musatengerepo mwayi wochedwa. Imbani foni lero, osayamba ndi mlandu, yambani ndi moni. Ngati n'kotheka kwerani basi Loweruka.

Pobwerera, msuweni wanga anandiperekeza mpaka pamsewu, atandinyamulira kathumba ka mtedza komwe mayi ake anandipatsa. Sitinalankhule zambiri. Minibasi itaima anati, "Asuweni, mvula ikayandikira mubwere, munda wa bambo wandikulira ndekha." Ndinavomera.

Atate, tipatseni mphamvu zokumba pomwe takhala tikulambalala. Mufewetse mtima wa mchemwali wanga, ndi wanganso, pamene ndikumuimbiranso m'mawa uno. Amen.